Mutu wakuti "chuma cha Afirika" pa masamba 10: tiudula pati?

Tiyanjane Zulu

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kagulu ka amalonda a mbewu kuno ku Lusaka kapempha ofesi yathu lipoti la masamba 10, mutu wake "Chuma cha Afirika ndi mwayi wa amalonda athu". Nthawi ndi masabata atatu. Zowerenga zilipo zambirimbiri, za World Bank, za African Development Bank, za COMESA, koma poyambira sipakuoneka. Mutu wotere mumauchepetsa bwanji popanda eni ntchito kuona ngati mwawathawa?

Gift Mwale

Yambani ndi maiko akuluakulu, mlongo. South Africa, Nigeria, Egypt, Algeria, Ethiopia. Ikani GDP ya lililonse, kukwera kwa mitengo ndi ngongole, kenako tsamba limodzi la AfCFTA, pangano la malonda omasuka pakati pa maiko a mu Afirika, kuti anasainira ku Kigali mu Malichi 2018 ndipo malonda anatsegulidwa mu Januwale 2021. Mukatero Afirika mwaikwanitsa.

Amai Tembo

A Mwale, mwachepetsa chiwerengero cha maiko, koma funso silinabadwe. Wogula chimanga ku Soweto Market akadziwa GDP ya Algeria mawa achita chiyani chosiyana ndi lero?

Tiyanjane mwanawe, yamba ndi masamu. Masamba 10 ndi mawu pafupifupi 4,000. Ukagawira maiko 54, dziko lililonse lilandira mawu 74, kandime kamodzi. Masamu amenewa uwaonetse eni ntchito, amva okha kuti mutuwo sungalembeke mmene ulili.

Ndiye usanatsegulenso lipoti lina, aimbire foni kapena kakumane ndi wapampando wawo, mphindi makumi awiri zakwana. Usawafunse kuti akufuna kudziwa chiyani, chifukwa adzabwereza mutu womwewo. Afunse kuti lipotili likafika adzakhala pansi kugamula nkhani yanji, adzagamula liti, ndipo mamembala awo amagulitsa mbewu zanji, kuti. Anthu akati "Afirika" nthawi zambiri m'mutu muli malire amodzi kapena awiri: Kasumbalesa, Mwami, Nakonde, Chirundu. Ntchito yako ndi kupeza kuti ndi ati.

Tiyanjane Zulu

Zikomo amai. Ndawaimbira. Akuti ambiri amagula chimanga ku Mkushi ndi ku Eastern, ena amagayitsa unga. Msonkhano wawo ulipo kukolola kusanayambe, ndipo akufuna kugamula ngati asonkhe ndalama zochitira lendi nyumba yosungiramo katundu ku Copperbelt kuti azigulitsa kwa a ku Congo, kapena angopitiriza kugulitsa kwa ogaya a mu Lusaka.

Amai Tembo

Basi, funso lija ndi limeneli. Tsopano ulimange pa zinthu zinayi: katundu, malo, nyengo ndi choyezera. Katundu ndi chimanga ndi unga, soya ndi nyemba zikhale pambali. Malo ndi Lusaka poyerekeza ndi Kasumbalesa. Nyengo, nditenga 2021 mpaka 2025. Choyezera ndi phindu lotsala pa thumba la makilo 50 ukachotsa zolipira zonse zapanjira. Ukaziphatikiza limamveka chonchi: kuyambira 2021 mpaka 2025, ndi miyezi iti imene kugulitsa chimanga ku Kasumbalesa kunali ndi phindu kuposa kugulitsa mu Lusaka, ndipo ndi chiyani chinkatseka phindulo?

Funso lachepa mokwanira ukatha kuliyesa motere. Kodi ungajambule tebulo lake lopanda manambala, mizere ndi mitu yake yokha, pa pepala limodzi? Apa ungathe: mzere uliwonse ndi mwezi, miyezi 60, ndipo mitu ndi mtengo wa ku Lusaka, mtengo wa kumalire, mphamvu ya kwacha pa dola, mtengo wonyamulira, ndi ngati malire anali otsegula. Chachiwiri, kodi yankho lingathe kutuluka "ayi"? Mutu wa chuma cha Afirika sungatuluke ayi, n'chifukwa chake sutha kulembedwa. Funso ili lingathe kuwauza amalondawo kuti nyumba ija asachite lendi.

Zaka zimenezi sindinazitole mwangozi. Muli zaka zabwino ndi chaka cha chilala. Zokolola za chimanga zinali matani opitirira 3 miliyoni mu 2023, zinatsika kufika pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024, Pulezidenti atalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilala ndi ngozi ya dziko, kenako zinabwereranso pamwamba pa 3 miliyoni mu 2025. Ukatenga zaka zabwino zokha, lipoti lidzawalimbitsa mtima pachabe.

Aphunzitsi Lungu

Ndikugwirizana ndi funsolo, koma ndionjezepo chimene timauza ophunzira athu ku yunivesite: musamangirire funso musanaone ngati manambala ake alipo. Patulani masiku awiri oyamba, osalemba kalikonse, kungofufuza deta ya mutu uliwonse wa tebulo.

Mitengo ya mu Zambia simuvutika nayo. ZamStats imatulutsa kabuku mwezi ndi mwezi momwe muli mtengo wa chimanga ndi wa unga wa makilo 25, bulekifasiti ndi rola. Chenjerani pawiri. Manambala ambiri mmenemo ndi avareji ya dziko lonse, si a Lusaka yokha, ndipo chimanga amachiyeza pa tini ya malita 20, mtengo wa wogula pang'ono. Amalonda anu amagulitsa pa thumba la 50 kapena pa tani. Sinthani zonse zikhale kwacha pa kilo, ndipo lembani poyera kuti tini mwaiwerengera makilo angati, chifukwa pamenepo ndi pamene anthu awiri amapeza mayankho osiyana pa deta imodzi. Mphamvu ya kwacha tengani ku Bank of Zambia, avareji ya mwezi, osati ya tsiku lomaliza. Zokolola zili mu Crop Forecast Survey. A IAPRI, bungwe lofufuza za ulimi kuno ku Zambia, alemba zambiri pa msika wa chimanga, muyambe ndi iwo musanapite kutali.

Vuto lili tsidya la malire. Mukalowa mu UN Comtrade kapena ITC Trade Map, mosungira manambala a malonda a pakati pa maiko, nambala ya kasitomu ya chimanga ndi HS 1005, unga uli pa 1102.20 ndi 1103.13, ndipo mukatenga nambala imodzi yokha muphonya gawo lina. Komanso zimene mupeze mmenemo ndi zodutsa pa kasitomu ndi mapepala. Matumba amene amawoloka pa njinga ku Kasumbalesa, ataunjikidwa mpaka njinga kungokankhidwa, ambiri salembedwa. Ndiye mukaona nambala ya boma yatsika pafupi ndi ziro mwezi wina, musalembe kuti malonda anaima. Mwina anangosintha njira. FEWS NET, bungwe lochenjeza za njala, imatsatako malonda osalembedwawa ndi mitengo ya ku Lubumbashi, koma muone kaye ngati miyezi yonse 60 ilipo.

Gift Mwale

Aphunzitsi, nanga osangotenga manambala a ku Congo a zimene analowetsa kuchokera ku Zambia? Amenewo adzadzaza mipata.

Aphunzitsi Lungu

Kuyerekeza mbali ziwiri n'kwabwino, a Mwale, koma pozindikira kukula kwa mpata, osati poudzaza. Wogulitsa amalemba mtengo wa katundu pochoka, wogula amaphatikizapo kunyamula ndi inshuwalansi, ndiye sizingafanane ngakhale onse alembe bwino. Ndipo thumba lozemba kasitomu ya kuno nthawi zambiri lazembanso ya uko. Ngakhale manambala olembedwa bwino amasocheretsa: mabuku a malonda a Zambia akhala akuonetsa Switzerland ngati mmodzi wa ogula akuluakulu a kopa wathu, pamene kopayo sapita kumeneko, kuli makampani ogula ndi kugulitsa okha.

Bambo Sakala

Ine ndimagwira za kanyamulidwe ka katundu, ndiye ndilankhule pa mutu wa zolipira zapanjira, poti ndi pamene malipoti otere amafera. Anthu amachotsa mtengo wa Lusaka pa mtengo wa kumalire n'kutcha chotsalacho phindu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Lole ya matani 30 ndi matumba 600. Tinene kuti ku Lusaka thumba ndi K300, kumalire ndi K380. Kusiyana K80, pa lole yonse K48,000, zooneka zokoma. Tsopano chotsani: kunyamula tinene K45 pa thumba, okweza ndi otsitsa K6, levi ya khonsolo ndi mapepala a chilolezo K8, lendi ndi mlonda K5, kuchepa kwa kulemera ndi matumba obooka K6. Zonse K70. Patsala K10 pa thumba, K6,000 pa lole. Lole ikagona masiku angapo pamzere, mwini wake amalipitsa tsiku lililonse, ndipo K6,000 ija yatha. Manambala enieni mufunse onyamula katundu atatu kapena anayi, aliyense payekha, ndipo mulembe wotsika ndi wokwera, osati avareji yokha.

China, ogula a ku Congo ambiri amawerengera mu dola. Kwacha ikalimba pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolandira ndalama, phindu limasungunuka chimanga chili chomwecho.

Amai Tembo

Zoona bambo. Ndipo Tiyanjane, zaka uzidule monga mwa nyengo ya msika, Meyi mpaka Epulo, osati Januwale mpaka Disembala. Ukawerengera 2024 ngati chaka chimodzi usakaniza miyezi ya chimanga cha 2023 ndi miyezi ya chimanga cha chilala, avareji n'kutuluka yosanena za nyengo iliyonse. Kuyambira Meyi 2021 mpaka Epulo 2025 ndi nyengo zinayi, miyezi 48, ndipo zimenezo zikhoza kukukwanira.

Mutu wa "malire otsegula kapena otseka" usaupeputse. Boma limatsegula ndi kutseka kugulitsa chimanga kunja molingana ndi zokolola, monga linatsekera mu 2024. Mwezi umene kusiyana kwa mitengo kuli kwakukulu kwambiri kawirikawiri ndi womwewo umene kugulitsa kunja n'koletsedwa, chifukwa chiletsocho ndicho chakulitsa kusiyanako. Miyezi imeneyo uyiike chizindikiro ndipo usaiwerengere m'phindu. Masiku a ziletso utenge m'zilengezo za Unduna wa Zaulimi.

Gift Mwale

Ndamva, koma ndikadali ndi nkhawa. Anthu alipira lipoti la Afirika, mukawapatsa la Kasumbalesa. Wina pamsonkhano adzafunsa za Malawi, popeza Mwami ili pafupi ndi kumene amagula chimanga ku Chipata, ndipo kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ine ndikanaika malire awiri.

Aphunzitsi Lungu

Pamenepo muli ndi mfundo. Kuyerekeza malire awiri kumaonetsa ngati vuto ndi la Congo kapena la kugulitsa kunja kulikonse. Koma ntchito ya deta iwirikiza, ndi ndalama yachitatu yoti musinthe, imene mtengo wake wa ku banki ndi wa pamsewu zimasiyana. Pa masabata atatu ine ndikukayika.

Amai Tembo

Ine ndikana. Chimene akugamula ndi nyumba ya ku Copperbelt, Mwami sikhudza chigamulocho. Tsamba loyamba likhale la COMESA ndi misika yoyandikana nafe, Malawi atchulidwe mmenemo, ndi ndime yonena zimene lipoti silinakhudze. Koma izi zisagamulidwe ndi ife. Tiyanjane, lemba funso lija, tebulo lopanda manambala ndi zimene wasiya, zonse pa tsamba limodzi, wapampando asaine usanayambe.

Tiyanjane Zulu

Nditumiza tsambalo mawa m'mawa, ndi njira ziwiri: Kasumbalesa yokha pa masabata atatu, kapena kuphatikizapo Mwami akawonjezera nthawi. Bambo Sakala, pa zolipira za zaka zam'mbuyo, onyamula katundu amasunga mitengo yakale, kapena ndiwerengere kuchokera pa mitengo ya dizilo ya ERB, bungwe loika mitengo ya mafuta?

Bambo Sakala

Makampani akuluakulu amasunga mainivoisi, a lole imodzi ambiri ayi. Pemphani mainivoisi ngakhale awiri pa nyengo iliyonse, miyezi yapakati mudzaze potsata dizilo, ndipo m'tebulo musiyanitse manambala a pa inivoisi ndi owerengera.