Ndikawatumizira mndandanda wa zonse amangowerenga n'kukhala chete, ndikulakwitsa pati?

Wophika makeke wa ku Matawale: Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndimaphika makeke ndi zokazinga kunyumba, chaka chino n'chachitatu. Ndikaika zithunzi pa sitetasi anthu amabwera ndithu pa WhatsApp, koma ambiri amangoti "muli bwanji, mumapanga chani?" Pofuna kuchepetsa ntchito ndinalemba mndandanda umodzi: makeke a ukwati, a chinkhoswe, a tsiku lobadwa, samusa, masikono, madonasi, chigumu, mpaka mapoto obwereketsa. Zinthu 34, chilichonse ndi mtengo wake, kenako zithunzi 12. Ndikatumiza, timizere timasanduka ta buluu, basi zii. Sabata yatha anandifunsa anthu 9, anayankha mmodzi, nayenso anangoti "ndikuuzani". Kodi ndi mitengo yangayi?

Bambo wa kabaza ku Chinamwali: Ndalama yasowa mayi, si inu nokha. Tsitsani mitengo muona.

Wophika makeke: Shuga ndi mafuta mmene zakwereramu nditsitse bwanji achimwene? Komanso amene amabwera okha pakhomo amagula pa mitengo yomweyi osadandaula.

Mayi wa shopu ya nsalu mu msika wa Zomba: Apo mwadziyankha nokha, achemwali. Wobwera pakhomo simumuwerengera zinthu 34. Mumamupatsa mpando n'kumufunsa kuti kwagwanji. Pa foni mwasiya kuchita zimenezo.

Munthu akati "mumapanga chani?" sakufunsadi zonse zimene mumapanga. Ameneyo ndi odi chabe. Chimene akufuna ali nacho kale m'mutu, mwina mwana akukwanitsa zaka 5 Loweruka, koma akuyamba waona ngati mwini nambalayo ndi munthu woyankhulika. Inu m'malo momuti lowani, mwamukhuthulira katundu yense pakhomo kuti asankhe yekha. Ntchito imene inali yanu, yopeza chomuyenera, mwamusenzetsa iye. Ali mu minibasi kapena pa ntchito, amati ndiwerenga bwino madzulo, ndipo madzulowo safika.

Ndifunse, pa mndandanda wanuwo choyamba pamwamba ndi chani?

Wophika makeke: Keke ya ukwati ya nsanjika zitatu, K280,000. Ndinayamba ndi zikuluzikulu kuti aone kuti ndimatha ntchito.

Mayi wa shopu ya nsalu: Ndiye pamenepo. Meseji ikatalika, WhatsApp imaidula n'kuika Read more, ndipo ambiri sadina. Chimene waona munthu uja ndi K280,000, pomwe iye m'thumba anakonza K30,000. Keke yake yaing'ono ili pa mzere wa 19, sanaifike n'komwe. Ndipo ife mukutidziwa, munthu sanganene kuti zandikulira. Amachita manyazi kufunsa kakeke kakang'ono kwa munthu wa makeke a ukwati, ndiye amangozemba mwakachetechete.

China, meseji yanu imathera pa mtengo. Mulibe funso. Munthuyo ayankhe kuti chani? Kuti alembe kanthu ayenera akhale atasankha kale, ndipo kusankha n'kumene kwamuvuta.

Mnyamata wa ku Chanco: Izi tinaphunzira m'kalasi. Mu 2000 Iyengar ndi Lepper anafalitsa kafukufuku wa jamu amene anachitira mu shopu ina ku California. Ataika mitundu 24, mwa anthu amene anaima pa tebulo anagula pafupifupi 3 pa 100 alionse. Ataika mitundu 6 anagula pafupifupi 30 pa 100. Ndiye anti, chepetsani katundu, muzipanga zinthu 6 zokha.

Mayi wa shopu ya nsalu: Za jamuzo n'zoona mwanawe, koma wapitirira nazo. Ena atayesanso m'malo ena, si paliponse pamene zinatuluka choncho. Ine shopu yanga ili ndi zitenje zodzaza mpaka kudenga, ndipo wobwera akudziwa kuti akufuna ya chinkhoswe yobiriwira amakondwa kupeza zambiri. Wosokonezeka ndi uja sanadziwe chofuna. Asasiye kuphika chilichonse, angosiya kuonetsa zonse nthawi imodzi.

Mtsikana wa ku Sadzi: Ine ngati kasitomala chimandinyansa ndi zithunzizo. Bandulo yanga ya tsiku, munthu n'kunditumizira zithunzi 12 zimene sindinapemphe. Sinditsegula, ndipo kachiwiri sindifunsanso.

Wophika makeke: Chabwino ndamva. Nanga ndiziyankha kuti chani? Ndipatseni mawu enieni.

Mayi wa shopu ya nsalu: Moni, mzere umodzi wonena ntchito yanu, funso limodzi. Mwachitsanzo: "Ndili bwino, kaya inu. Ndimapanga makeke ndi zokazinga za pa zochitika. Inu mukufuna za mwambo wanji?" Funso lake likhale loti ayankha ndi mawu awiri ali chiimire.

Akati "tsiku lobadwa la mwana", funsani tsiku ndi kuchuluka kwa anthu. Akati Loweruka, ana ngati 15, apo ndiye mutulutse mitengo, koma ziwiri kapena zitatu zokha: "Ya anthu 15 ilipo ya vanila K30,000, ya chokoleti K36,000, dzina la mwana ndimalemba ulere. Ndikutumizireni chithunzi cha iti?" Chithunzi chimodzi, chimene wapempha yekha. Akasankha, m'pamene mumuuze za theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndi kokatengera. Samusa muzitchule kumapeto keke itagwirizanidwa, kuti "anawo adzadyanso chani?" Nthawi imeneyo samusa ndi thandizo, pomwe pachiyambi zinali phokoso.

Meseji iliyonse yanu izithera pa funso mpaka oda itatsekedwa. Ndipo kuti mudziwe ngati vuto ndi mtengo kapena mndandanda, bwererani m'macheza a mwezi wathawu muone pamene aliyense anafera. Wothawa mtengo nthawi zambiri amayamba wanenerera, "simungachotseko?" Wothawa mndandanda salankhula n'komwe.

Telala wa ku Mpondabwino: Ine sindikugwirizana nazo zonse. Ndinayesa zofunsafunsazo, mayi wina anandiyankha kuti "ndafunsa mitengo, osati intavyu." Anthu ena amaganiza kuti ukufuna uone kaye thumba lawo kuti uwatchaje mokwera.

Mayi wa shopu ya nsalu: Munawafunsa mafunso angati, a telala?

Telala: Anayi kapena asanu, pa meseji imodzi. Nsalu, sitayilo, saizi, tsiku.

Mayi wa shopu ya nsalu: Umenewonso ndi mndandanda, mwangoutembenuza. Koma pa za thumba mukunena zoona. Wofunsa mitengo mpatseniko poyambira pomwepo, "madiresi amayambira pa mwakuti, inu mukufuna la kuntchito kapena la ukwati?" Ndipo wonena yekha kuti nditumizireni mitengo yonse, monga a komiti ya ukwati amene akukayerekeza ku msonkhano, mtumizireni osazengereza.

Bambo wa ku Domasi: Ikani zonse pa Catalog ya WhatsApp Business, nkhani yatha. Palinso Quick replies, mumangolemba chizindikiro cha / n'kusankha yankho limene munasunga kale.

Mtsikana wa ku Sadzi: Linki yopanda moni ndi chimodzimodzi kundilozera shelefu, bambo.

Telala: Komabe alipo ongoyendayenda, ngakhale uwafunse mokoma bwanji sagula. Amenewo tiwadziwa bwanji msanga?

Wophika makeke: Amenewo kaya. Ndabwerera m'macheza aja, mwa anthu 9 palibe anatchulapo za kudula. Panopa wina wangolemba kuti "bho, muli ndi chani?" Ndamufunsa kuti ndi za mwambo wanji, wati chinkhoswe cha mng'ono wake ku Thondwe mwezi wamawa. Chala chimafuna kuthamangira ku mndandanda uja, ndadziletsa. Ndafunsa kuti kudzakhala anthu angati, akulemba.