Zomwe zatsatira pa funso langa la makalata opita ku fakitale ya kunja

Ndinafunsa kuti: "Ndimaganiza m'Chichewa, ndiye ndingalembe bwanji imelo ya Chingelezi chomveka kwa opanga katundu a kunja?"

Ndabweranso kudzanena zomwe zandithandiza. Vuto silinali galamala, koma kalembedwe kathu kaulemu komwe kamayamba ndi malonje ataliatali, pempho n'kubwera kumapeto. Amene amawerenga ku fakitale nayenso Chingelezi si chiyankhulo chake, choncho chiganizo chokhotakhota chimamusokoneza, ndipo amangoyankha mbali imene waimva. Chizindikiro chake n'chakuti mukafunsa mafunso atatu m'ndime imodzi, yankho limabwera la funso limodzi lokha.

Tsopano ndimayamba ndalemba mfundo zanga m'Chichewa papepala, kenaka ndimalemba imelo mwatsopano osamasulira liwu ndi liwu, funso lililonse pamzere wake ndi nambala yake. Pofunsa za matumba, ndinatchula kukula kwake m'masentimita ndi kuchuluka komwe ndikufuna, ndipo ndinafunsa MOQ yawo, kutanthauza chiwerengero chochepetsetsa chomwe amalola kugulitsa. Ndinafunsanso ngati mtengo ndi wa FOB kapena CIF, chifukwa pa FOB ndalama ya sitima ndi inshuwalansi ndimalipira ndine, pomwe pa CIF zimakhala m'kati mwa mtengo mpaka padoko lofikira.

Polemba deti ndimalemba dzina la mwezi, popeza 03/04 ena amawerenga 3 Epulo pomwe ena 4 Malichi. Ulemu sindinautaye ayi. Moni wa mzere umodzi ndi kuthokoza kumapeto zimakwanira, ndipo a ku fakitale anayankha mafunso onse motsatira manambala.