Zija za penti ndi kansalu ka katani, nazi mmene zinathera

Funso langa lija linali lakuti: "Ndili ndi kansalu kakang'ono kotsala pa katani, kobiriwira motuwa. Kodi ku hadiweya angandisakanizire penti wa khoma wofanana nako?"

Zatheka abale anga, pa shopu ina ya ku Msasa kuno ku Harare. Ali ndi makina owerenga mtundu, koma kadiso kake kamafuna malo osalala, a mtundu umodzi, aakulu ngati ndalama yachitsulo. Kansalu kanga n'kopyapyala, choncho bambo wosakanizayo anakapinda kanayi kuti kuwala kusadutse. Ngakhale anatero, mtundu woyamba unatuluka woderapo. Anandifotokozera kuti timipata ta pakati pa ulusi timachita mthunzi, ndiye makina amawerengera mthunziwo limodzi. Anatenga timakadi ta mitundu, tinatuluka panja n'kuyerekeza ndi maso, kenako anachepetsa utoto wakuda.

Anandilangiza kuyamba ndi kachitini ka lita imodzi, osati ndowa ya malita 20, chifukwa penti wosakaniza sabwezedwa. Kunyumba ndinapaka kawiri pa katoni yoyera n'kudikira kuti aume, popeza penti wa madzi amaderako akauma. Ndinaimika katoniyo pambali pa katani masana, ndinayang'ananso madzulo babu itayaka. Apa musapupulume ndithu, pakuti nsalu ndi penti zimatha kufanana padzuwa koma n'kusiyana usiku. Zanga zinagwirizana ponse pawiri.

Pepala la manambala lomwe amamata pachitini ndalijambula pafoni. Ndikamakagula wa chipinda chonse adzatsatira lomwelo, pa penti wa kampani yomweyo, wosanyezimira.