Wamwa fenobabitoni wambiri sakudzuka, wa dayazepamu anadzuka yekha

Namwino, mbali ya ku Makanjira: Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi mnyamata wa khunyu, wamwa fenobabitoni wambiri usiku. Akupuma ka 8 pa mphindi, thupi lazizira, BP yatsika, shuga ali bwino. Mwezi watha wina anamwa dayazepamu wochuluka, anangogona n'kudzuka yekha. Ndimudikire chimodzimodzi?

Wogonetsa odwala ku fiyeta, Mangochi boma: Ayi asisita, musadikire. Mugonekeni chammbali, mupatseni okosijeni, ikani diripi, ambubagi ikhale m'manja, itanani ambulansi pompano.

Wa ku famasi: Koma mankhwala awiri onsewo amagwira pa risepita imodzi ya GABA-A. Kusiyana kwake ndi kwakuti fenobabitoni amachedwa kutuluka m'thupi basi.

Wogonetsa odwala: Kuchedwako n'zoona achimwene, mwa munthu wamkulu pamatha masiku 3 mpaka 5 kuti theka lichoke. Koma chopha si chimenecho chokha. Risepitayo ili ngati chitseko cholowera kulorayidi, ndipo kulorayidi akalowa selo la muubongo limafooka. Dayazepamu satsegula yekha. Amadikira GABA amene thupi latulutsa, n'kuchititsa kuti chitsekocho chizitseguka pafupipafupi, ndiye mphamvu yake ili ndi polekezera. Fenobabitoni amachititsa kuti chikatseguka chichedwe kutsekeka, ndipo akachuluka amatsegula yekha popanda GABA. Pamenepo palibe chomuletsa, mpaka mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma imagona nayo. Amafooketsanso mtima.

Kiliniko ofisa, Monkey Bay: Ndiye mubayeni fulumazenilo, mankhwala osukulutsa dayazepamu aja. Ine wanga wa dayazepamu anali atamweranso kachasu, tinamupopa ndi ambubagi usiku wonse.

Wogonetsa odwala: Wanuyo kachasu ndi amene anachotsa polekezera paja. Dayazepamu akakumana ndi mowa, mofini kapena fenobabitoni yemweyu, kupuma kumaima ndithu. Koma fulumazenilo amangotchinga malo amene dayazepamu amakhala, fenobabitoni amakhala pena, samukhudza n'komwe. Kwa wa khunyu angathenso kudzutsa kukomoka. Fenobabitoni alibe mankhwala omusukulutsa.

Namwino: Makala a kuchipatala okoka poizoni aja ndili nawo. Ndimupatse?

Wogonetsa odwala: Wogona chonchi ayi, angasanze makalawo n'kupita kumapapo. Tikamuika chubu cha kukhosi ndi pamene timapereka magalamu 50 pa chubu cha m'mimba, n'kumabwereza maola 4 aliwonse, chifukwa makala amakoka ngakhale fenobabitoni amene walowa kale m'magazi.

Wa ku famasi: Nanga bayikaboneti? Ife tinaphunzira kuti amathandiza kumutulutsa mu mkodzo.

Wogonetsa odwala: Amathandiza pang'ono, koma amagwetsa potaziyamu. Popanda labu yoyeza ine sindingayambe. Madokotala ena amaperekabe.

Namwino: Ambulansi yanyamuka, koma msewu wake mukuudziwa. Tsopano akupuma ka 6, tayamba kupopa. Mayi ake akuti botolo la mapiritsiwo analandira sabata yatha, ndawatuma akalitenge tiwerenge otsala.