Manambala akusankha A, kasitomala akufuna B

Tadala: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Tili ndi ntchito yokuza zithunzi zakale za sukulu ina kuti zilowe m'buku la chikumbutso. Poyesa, ndinatenga zithunzi zabwinobwino, n'kuzichepetsa kanayi m'litali ndi m'lifupi, kenako n'kuzikuzanso ndi njira ziwiri kuti ndiyerekeze ndi zoyambirira zija. Pa miyeso iwiri ya kufanana ndi choyambirira, imene nambala yokwera ndiye yabwino, njira A ikupereka PSNR ya 28.4 dB ndi SSIM ya 0.81, pomwe B ikupereka 26.1 dB ndi 0.74. Koma kasitomala atangoona anasankha B, akuti nkhope za A zikuoneka ngati zopakidwa sera. Abwana akufuna lipoti la manambala. Ndilembemo chiyani?

Yamikani: PSNR ingoisiyani achemwali, imeneyo imangowerenga kusiyana kwa mapikiseli. SSIM ndiye inapangidwa poganizira maso a munthu. Ngati nayonso ikuti A, ndiye A basi. Mwina kasitomalayo amaonera pa kafoni.

A Nkhoma: Za PSNR mwalondola a Yamikani, koma SSIM siithetsa vutoli. Taganizani za tsitsi la mwana pa chithunzi chochepetsedwa chija. Tsatanetsatane wake anatayika, ndipo pali mitundu yambirimbiri ya tsitsi imene ikachepetsedwa ingaoneke chimodzimodzi. Njira yofuna PSNR yokwera imasankha chapakatikati cha mitundu yonseyo kuti isaphonye kwambiri paliponse, ndipo chapakatikaticho chimatuluka chosalala. Sera uja ndi ameneyo. B imasankha mtundu umodzi wooneka ngati tsitsi lenileni, koma timizere take sitigwera pomwe panali toyambirira, ndiye manambala amailanga. SSIM nayo imayerekeza kachigawo ndi kachigawo kanzake pa malo omwewo, kawirikawiri ka mapikiseli 11 kwa 11, choncho timizere tikasuntha pang'ono imatsikanso.

Gulu la Ledig linaonetsa zomwezi mu 2017. Pa zithunzi zoyesera za BSD100 zokuzidwa kanayi, njira ya SRResNet, yofuna PSNR yokwera ngati A, inapeza 27.58 dB ndipo ya SRGAN, yopeka tsatanetsatane ngati B, inapeza 25.16 dB, yotsika kuposa ngakhale njira wamba ya `bicubic`. Koma anthu 26 atapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5, SRGAN inapeza 3.56 pomwe SRResNet inapeza 2.29.

Chisomo: Ine zinandichitikirapo zithunzi zikuwonongeka posunga. Musamagwiritse JPEG, sungani ngati PNG, manambala akwera.

Tadala: Zonse zili mu PNG kale a Chisomo, vuto si limenelo.

A Nkhoma: Musanalembe lipotilo, onani kaye ngati B sikuwalitsa chithunzi chonse kapena kuchisuntha. Mukangowonjezera 10 pa pikiseli iliyonse, MSE, yomwe ndi avereji ya masikweya a kusiyana kwa mapikiseli, imakhala 100, ndipo `10*log10(255^2/100)` ikupatsani PSNR ya 28.1 dB, chonsecho munthu sangadandaule chilichonse. Kusuntha ndi pikiseli imodzi yokha nakonso kumagwetsa manambala onse awiri pa chithunzi cha timizere tambiri. Muonenso `data_range` mu `structural_similarity` ya scikit-image, chifukwa ikalakwika SSIM imanama.

Tadala: Ndaona. Sichinasunthe, `data_range` ndi 255, ndipo kukonza kuwala kwangokweza B pang'ono chabe. Mpata udakalipo.

A Nkhoma: Ndiye kusiyanako ndi kwenikweni. Mu lipoti lembani kuti PSNR ndi SSIM zikuyeza kufanana ndi choyambirira, ndipo kukongola mukuyeze padera. Sindikizani A ndi B pa kukula kwa m'buku lenilenilo, muziike mbali ndi mbali zopanda maina, muzisinthasintha ya kumanzere ndi ya kumanja, anthu 15 kapena 20 asankhe aliyense payekha. Mavoti amenewo nawonso ndi manambala, abwana sangawakane. Mukafuna onjezani LPIPS, muyeso wina wa kufanana umene umayesa kutsanzira maso a munthu, pokumbukira kuti iyo yotsika ndiye yabwino.

Mayi Mwale: Mavotiwo ine sindikuwakhulupirira kwenikweni pa ntchito iyi. Ovotawo sakuwadziwa anthu ali pa zithunzizo, angosankha chowala bwino. Koma bukuli likagulidwa ndi anthu amene akafunefune nkhope ya bambo awo pa mzere wakumbuyo. Ngati B ikupeka tsitsi, ikupekanso maso ndi mano. Tadala, kuza nkhope zing'onozing'ono ndi zilembo za pa baji ya yunifolomu, uziyerekeze ndi choyambirira.

Tadala: Mwanena zoona mayi. Nkhope zakutsogolo zili bwino, koma kumbuyo kuli mnyamata amene B yamusintha maso, ndipo pa baji ina yalemba tizilembo tosawerengeka tomwe kunalibe. A yangosiya pamenepo posaoneka bwino. Ndikuganiza zoika B pa zovala, udzu ndi makoma, A pa nkhope zazing'ono.

Yamikani: Msoko wake uonekera, nkhope yosalala pa thupi lakuthwa.

Mayi Mwale: Bola msoko kusiyana ndi kupatsa munthu maso a wina.

A Nkhoma: Ineyo ndikanasakaniza zithunzi ziwirizo theka ndi theka pa nkhopezo, m'mphepete n'kufewetsa. Ikani chosakanizacho ngati njira yachitatu pa mavoti aja, ndipo mwa ovotawo mupezeko aphunzitsi akale amene akuwadziwa anawo.