Thandizeni: standadi diviyeshoni ya potifoliyo ya zinthu ziwiri, korileshoni ndiike pati?

Mwana wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndili pa kosi ya zachuma ndipo funso ili landigoneka mochedwa. Munthu ali ndi K10,000. Waika K6,000 pa A, imene phindu lake loyembekezeka ndi 12%, standadi diviyeshoni 10%. K4,000 yotsalayo waika pa B, phindu 20%, standadi diviyeshoni 25%. Korileshoni ya ziwirizi atipatsa 0.2. Pa phindu ndachita 0.6×12 kuphatikiza 0.4×20, ndapeza 15.2%. Pa standadi diviyeshoni ndatsata njira yomweyo, ndapeza 16%. Mnzanga wa m'kalasi wapeza 160. Nanga 0.2 uja ntchito yake n'chiyani, poti ine sindinamukhudze n'komwe?

Wa ku Mchini:
15.2 uja umuchulukitse ndi 0.2. Korileshoni amayipereka kuti ichepetse zonse.

Amayi a Akaunti, Katete:
Ayi achimwene a ku Mchini, phindu musalikhudze. 15.2% ndi yolondola, ndipo korileshoni kaya ikhale 1 kaya −1, phindu loyembekezeka silisuntha. Chimene imachepetsa ndi kugwedezeka kokha.

Mwana wanga, vuto n'lakuti standadi diviyeshoni siphatikizidwa mwachindunji ngati phindu. Umayamba wapeza variyansi:

```
σp² = w1²σ1² + w2²σ2² + 2·w1·w2·ρ·σ1·σ2
```

Apa w ndi gawo la ndalama, 0.6 ndi 0.4, σ ndi standadi diviyeshoni, ρ ndi korileshoni. Tenga chigawo chimodzichimodzi. Choyamba ndi 0.36×100, chimene ndi 36. Chachiwiri ndi 0.16×625, ndiye 100. Chachitatu ndi pamene pakukhala 0.2 wako: 2×0.6×0.4×0.2×10×25, yankho 24. Zonse pamodzi 160. Mnzako uja anayenda bwino njira yonse, anangoima pakhomo osalowa. 160 ndi variyansi, akatenga sikweya ruti apeza 12.65%.

Koma 16 wakoyo usamutaye. Chotsa 0.2 uike 1, chigawo chachitatu chikhala 120, zonse 256, ndipo ruti yake ndi 16 ndendende. Tanthauzo lake n'lakuti njira yako inkaganiza kuti A ndi B zimakwera ndi kutsika limodzi nthawi zonse. Ukaika −1, upeza 136 kuchotsa 120, kutsala 16, ruti yake 4. Choncho pa kagawidwe aka ka 60 ndi 40, yankho liyenera kugwera pakati pa 4 ndi 16. Likatuluka kunja, bwerera, penapake palakwika.

Mwana wa ku Kapata:
Zikomo amayi. Nanga ndikalemba 0.10 ndi 0.25 m'malo mwa 10 ndi 25?

Amayi a Akaunti, Katete:
Upeza 0.016, ruti yake 0.1265, n'chimodzimodzi. Chongopewa ndi kusakaniza, kwina 10 kwina 0.25. Usamalenso funso likakupatsa kovariyansi. Pamenepo ρ·σ1·σ2 yachulukitsidwa kale, pano ikanakhala 50, ndiye usachulukitsenso ndi 10 ndi 25. Ana ambiri amagwa pomwepa pa mayeso.

Tate wa Awiri:
Pepani, kodi A ameneyu akupereka 12% pa mwezi? Kwathu ku banki ya m'mudzi timakongozana pa 20% pa mwezi, ndiye ndikuona ngati ndi zochepa.

Mwana wa ku Kapata:
Ndi pa chaka atate, komanso A ndi B ndi za m'funso chabe, si kampani yeniyeni.

Mlimi wa ku Lundazi:
Ine masamuwa ndawatsata, koma chikundivuta ndi 0.2 ameneyu. M'kalasi amakupatsani m'manja, nanga kumunda amachokera kuti? Ine ndimagawa ndalama pakati pa chimanga ndi nshawa, ndipo zaka zambiri china chikagwa china chimandinyamula. Koma chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, zonse zinapserera pamodzi. Chimanga chinauma chisanabereke, nshawa ndikazula phata ndinkapeza makoko opanda kanthu. Chaka chimenecho korileshoni yanga inali 1, osati 0.2.

Amayi a Akaunti, Katete:
Bambo mwalasa. Kawirikawiri nambalayi imachokera ku zakale. Mumalemba phindu la zinthu ziwirizo m'mizere iwiri mu Excel, chaka ndi chaka, kenako:

```
=CORREL(A2:A11,B2:B11)
```

Ngati m'zaka khumi zimenezo munalibe chilala, nambala idzatuluka yotsika n'kukunamizani. Ine ndikamawerengera munthu ndalama zenizeni ndimachita kawiri, ndi korileshoni ya m'mbuyo ndiponso ndi 0.8. Pa funso lathuli 0.8 ikupereka 232, ruti yake 15.2, pafupi kwambiri ndi 16. Koma kunena kuti inali 1 chifukwa cha chaka chimodzi, pamenepo sindikuvomera, chaka chimodzi sichipereka korileshoni.

Mlimi wa ku Lundazi:
Sichipereka pa pepala, amayi, koma ndi chaka chomwecho chimene chinandigulitsitsa ng'ombe. Ndiye 0.8 mwamutenga kuti? Bwanji osati 0.9?