Ndikonze bwanji phunziro loyeza kuthamanga kwa magazi?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Sabata yamawa ndili ndi maola 2 ophunzitsa anamwino a chaka choyamba kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi makina opopa pamanja.

Zokhazika wodwala sizindivuta. Apumule mphindi 5, atsamire kumsana, mapazi pansi, mkono utsamire pa tebulo molingana ndi mtima, lamba wake womuyenera. Pondivuta ndi potulutsa mpweya mu lambayo.

Chaka chatha wophunzira wina anapeza 130/80 pa munthu amene ine ndinapeza 148/86. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti akutsegula kwambiri potulukira mpweya, muvi n'kumangogwa. Kugunda koyamba kunamudutsa, iye n'kulemba nambala yothera ndi ziro imene inali pafupi. Zinandiwawa, chifukwa wodwala wotere angabwerere kwawo atauzidwa kuti zili bwino.

Ndiye ndikuganiza kuti ola loyamba ophunzira asagwire n'komwe chomvetsera. Azingogwira mtsempha wa pamkono, kupopa mpaka kugunda kutasiya, kuonjezera 30 mmHg, kenako kutsitsa 2 mpaka 3 mmHg pa sekondi mpaka dzanja lizolowere. Zimenezi zimatetezanso ku kampata kaja kamene mawu amazimiririka pakati n'kubweranso. Kumvetsera kubwere ola lachiwiri, awiriawiri.

Kodi inu munayesapo kugawa chonchi, kapena amatopa nazo? Komanso poti chomvetsera cha anthu awiri ndili nacho chimodzi chokha, mumatsimikiza bwanji kuti aliyense wamvadi kugunda koyamba ndi komaliza, osati kungotsatira kugwedezeka kwa muvi?